Chifukwa Chake Nyali ya Dayinamo Imazima Njinga Ikaima

Amene anakula matochi otchaja asanachuluke akukumbukira kulira kwa dayinamo. Kukada, munthu wochokera kumsika ankatsika panjinga n'kukankha kabotolo kachitsulo kaja kuti kamutu kake katsamire tayala, ndipo akayamba kupalasa, kulira kuja kunkayamba, nyali n'kuwala kutsogolo. Pamtsetse inkawala kuti mbee. Pachitunda, miyendo ikayamba kulemera, inkafiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Mukaima kuti mupatsane moni ndi mnzanu, mdima wokhawokha. M'kabotolomo mulibe batire loti latha. Maginito amene ali m'menemo ndi omwe aja, mphamvu yawo sinachepe, ndipo waya sanaduke. Nanga chasowa n'chiyani njinga ikaima?

Mukatsegula dayinamo mupezamo zinthu ziwiri zokha zofunika. Pali maginito omangiriridwa ku kamtengo kachitsulo kamene kamazungulira limodzi ndi kamutu kokhudza tayala kaja. Palinso waya wopyapyala wamkuwa, wopakidwa vanishi, amene anakulungidwa kambirimbiri pakachitsulo. Waya wokulungidwa chonchi amisiri amamutchula kuti koyilo. Maginito ndi koyilo sizikhudzana n'komwe. Komabe maginito akamazungulira, m'wayamo mumabadwa mphamvu yokankha magetsi, imene akatswiri amaitcha volteji ndipo amaiyeza m'mavoloti. Volteji tingaiyerekeze ndi kutalika kwa thanki yamadzi: thanki ikakhala pamwamba madzi amatuluka mwamphamvu pampopi. Magetsi oyenda m'wayawo, amene amayezedwa m'maampeya, ndiwo madzi enieniwo.

Kuti maginito angabale volteji, anthu anavutika nazo zaka 11 asanazione. Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti waya woyenda magetsi amapotoza singano ya kampasi. Ndiye kuti magetsi amapanga maginito. Ambiri anaganiza kuti zosiyana nazo ziyenera kuthekanso, ndipo ankaika maginito amphamvu pafupi ndi waya n'kumadikira. Palibe chinkachitika. Michael Faraday wa ku London, mwana wa mmisiri wosula zitsulo amene anayamba moyo wake ngati wosoka mabuku, nayenso analephera kangapo. Pa 29 Ogasiti 1831 anatenga mkombero wachitsulo n'kukulungapo makoyilo awiri osakhudzana, imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Yoyamba anailumikiza ku batire, yachiwiri ku waya wodutsa pafupi ndi singano yamaginito. Pamene ankalumikiza batire, singano inagwedezeka, kenako n'kubwerera pamalo pake ngakhale magetsi anali akuyendabe m'koyilo yoyamba. Atachotsa batire, singano inagwedezekanso, koma kulowera mbali inayo. Mu Okutobala chaka chomwecho analowetsa ndodo yamaginito m'koyilo yamphako, ndipo zinachitika chimodzimodzi: polowetsa, singano inkapita uku, potulutsa, inkapita uko, maginito akangokhala phee m'kati, singano nayo inkangokhala. Ku America, Joseph Henry anapeza zomwezi payekha, koma zake zinasindikizidwa mu 1832.

Chimene anzake aja ankaphonya n'chakuti waya sasamala zoti pafupi naye pali maginito. Amasamala zoti mphamvu ya maginito yodutsa m'kati mwa koyilo ikusintha. Ichi ndicho chimasowa njinga ikaima.

Mphamvu yodutsa m'koyiloyi ili ndi dzina lake, fulakisi, ndipo ndi bwino kuimvetsa tisanapitirire. Faraday ankaiona m'maganizo mwake ngati mizere yotuluka kumbali imodzi ya maginito n'kukalowa kumbali inayo. Fulakisi ndi kuchuluka kwa mizere imene yadutsa pakamwa pa koyilo. Taganizani za beseni limene mwatchera panja mvula ikugwa. Madzi ogweramo amadalira kukula kwa mvulayo, kukula kwa kukamwa kwa beseni, ndiponso mmene laimira. Mukalipendeka mumagwera ochepa, mukaliimika chammbali simugwera kanthu. Koyilo nayo ndi choncho. Mungasinthe fulakisi posendeza maginito pafupi kapena kutali, posintha kukula kwa koyilo, kapena potembenuza chimodzi mwa ziwirizi. Dayinamo imagwiritsa ntchito njira yotembenuza. Mbali ya kumpoto ya maginito, imene amailemba N, ikayang'ana kachitsulo ka koyilo, mizere imadutsa kulowera uku. Maginito akatembenuka n'kubwera mbali ya kummwera, ya S, mizere imadutsa kulowera kwina. Beseni lathu likutithandiza mpaka pomwepa basi, chifukwa volteji sibadwa ndi kuchuluka kwa fulakisi koma ndi liwiro limene ikusinthira.

Lamuloli m'mabuku asukulu limalembedwa motere:

```
ε = −N × ΔΦ / Δt
```

Chilembo choyambacho ndi volteji. N apa ndi kuchuluka kwa maulendo amene waya wakulungidwa, ΔΦ ndi mmene fulakisi yasinthira, ndipo Δt ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Kamzere kochotsera kali kutsogolo kwa N tikasiye kaye, kali ndi nkhani yakeyake.

Tiyeni tiwerengere dayinamo imodzi yongoyerekeza, ya maginito a mbali ziwiri zokha, ngakhale kuti zambiri zenizeni zimakhala ndi mbali zoposa pamenepo. Tinene kuti mukuyenda makilomita 18 pa ola, kumene kuli mamita 5 pa sekondi iliyonse. Kamutu kokhudza tayala n'kotambalala masentimita 2, choncho kakazungulira kamodzi kamayenda masentimita 6 ndi pang'ono patayalapo. Kuti kakwanitse mamita 5 aja, kayenera kuzungulira maulendo pafupifupi 80 pa sekondi. N'chifukwa chake kamalira chonchija. Pa kuzungulira kulikonse fulakisi imatembenuka kawiri, ndiye kuti pa sekondi imatembenuka maulendo 160.

Tsopano kukula kwa fulakisiyo. Tinene kuti kachitsulo ka m'kati mwa koyilo kali ndi nkhope ya sentimita imodzi m'lifupi ndi masentimita 2 m'litali, ndipo mphamvu ya maginito m'menemo ndi theka la tesila, umene uli muyezo wake. Tikachulukitsa mphamvuyo ndi kukula kwa nkhopeyo m'mamita, fulakisi ikukwana 0.0001 pa muyezo wotchedwa weba. Pano pali pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Maginito akatembenuka, fulakisi sichoka pa 0.0001 n'kuthera pa ziro, koma imapitirira mpaka 0.0001 ya mbali inayo, choncho kusintha konse ndi 0.0002. Koyilo yathu tiipatse mikombero 200. Mkombero uliwonse umabala kavolteji kake, ndipo popeza ndi waya mmodzi, timavolteji tonseto timaphatikizana. Tikachulukitsa 200 ndi 0.0002 ndi 160 tikupeza mavoloti 6.4, pafupi kwambiri ndi `6V` imene imalembedwa pamadayinamo ambiri.

Mufike pachitunda tsopano, liwiro litsike kufika pa la munthu woyenda pansi, makilomita 4.5 pa ola. Maginito ndi omwewo, mikombero ndi 200 yomweyo, kusintha kwa fulakisi pa kutembenuka kulikonse ndi komweko. Chachepa ndi maulendo otembenuka, amene tsopano ndi 40 pa sekondi, ndipo volteji yatsika kufika pa 1.6. Babu la mavoloti 6 likapatsidwa zimenezi limangofiira. Mukaima, maulendowo ndi ziro, volteji nayo ziro. Masamuwa akusonyezanso zimene mmisiri angachite akafuna volteji yambiri pa liwiro lochepa: awonjezere mikombero, apeze maginito amphamvu, kapena azungulitse mwachangu. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, pamene ankapanga makina ake amphepo mu 2002, anagwiritsa ntchito dayinamo ya njinga yomweyi, ndipo mapiko ake ankazungulitsa tayala la njinga limene dayinamoyo inatsamira. Mapiko amphepo amazungulira pang'onopang'ono, koma tayala lalikulu likamakhudza kamutu kakang'ono, kuzungulira kwake kumodzi kumasanduka maulendo ambirimbiri.

Tibwerere ku kamzere kochotsera kaja, chifukwa kwa ine ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Faraday anaona kuti singano imapita uku polowetsa maginito ndi uko potulutsa. Koma n'chiyani chimasankha mbali? Yankho lachidule analipereka Emil Lenz, wobadwira ku Dorpat, mzinda umene lero ndi Tartu ku Estonia, amene ankagwira ntchito ku St Petersburg. Lamulo lake linasindikizidwa mu 1834, ndipo limati magetsi obadwa mwa njira imeneyi amayenda mbali imene ikutsutsana ndi kusintha kumene kwawabala.

Kuti zimveke, kumbukirani zimene Ørsted anaona: waya woyenda magetsi amasanduka maginito. Choncho magetsi akangoyamba kuyenda m'koyilo, koyiloyo imakhala ndi N ndi S zakezake. Tengani ndodo yamaginito muyandikize mbali yake ya N kukamwa kwa koyilo. Magetsi ayenda m'njira yoti kukamwa kumeneko kusanduke N, ndipo poti mbali zofanana zimakankhana, koyilo ikukankhirani kumbuyo. Tsopano kokani maginitowo muwatulutse. Magetsi atembenuka, kukamwa kuja kusanduka S, ndipo poti mbali zosiyana zimakokana, koyilo ikukanizani kuchoka. Aliyense amene anapitapo ndi mbuzi kumsika akulidziwa khalidwe limeneli: mukaikoka ndi chingwe imalimbira kumbuyo, mukaikankha kuti ibwerere imalimbira kutsogolo.

Apa pali kulakwitsa kumene ndimakumva kawirikawiri, ngakhale kwa anthu amene anakhoza bwino mayeso. Amati koyilo imatsutsa maginito. Ayi, imatsutsa kusintha. Fulakisi ikamakula, koyilo imapanga mizere yolowera mbali yosiyana kuti iichepetse. Koma fulakisi ikamachepa, koyilo imapanga mizere yolowera mbali yomweyo kuti iichirikize. Ndipo siipambana, imangochedwetsa. Ikanati ipambane n'kuimitsa kusinthako, magetsi amene ikutsutsira nawo akanatheratu nthawi yomweyo, chifukwa amabadwa ndi kusintha komweko.

Wina angafunse kuti bwanji chilengedwe chinasankha kutsutsa osati kuthandiza. Tiyese kuganiza kuti zikanakhala zothandiza. Mwayandikiza N pang'ono, koyilo yasanduka S n'kukoka maginito. Maginito athamanga, fulakisi yasintha mwachangu, magetsi achuluka, kukoka kwakula, maginito athamanganso kuposa pamenepo. Mukanangokankha njinga kamodzi, dayinamo ikanayamba kuyendetsa tayala yokha kwinaku nyali ikuwala, popanda wodya nsima aliyense kutuluka thukuta. Mphamvu ikanachokera popanda kanthu, zimene sizichitika. Lamulo la Lenz ndi njira imene mphamvu yowala m'babu imalipiridwira ndi miyendo ya wopalasa. Walira mvula walira matope.

Malipirowo tingawawerenge. Dayinamo yolembedwa `6V 3W` imapereka mawati atatu. Pa liwiro la mamita 5 pa sekondi, mawati atatu akufanana ndi kukankhidwira kumbuyo ndi mphamvu yonga kulemera kwa dzira limodzi lalikulu la nkhuku, pafupifupi magalamu 60. N'zochepa, ndipo wopalasa aliyense anganene kuti iye amamva zoposa pamenepo. Akunena zoona. Gawo lalikulu la kulemera kumene amamva limachokera ku kukhuzana kwa kamutu ndi tayala komanso kutentha kotayika m'kati mwa dayinamo, ndipo kukhuzanako kumakhalapo ngakhale babu litachotsedwa. Mukafuna kusiyanitsa ziwirizi, gadamitsani njinga, dayinamo itsamire tayala, muzungulitse tayalalo mwamphamvu n'kulisiya, muone nthawi imene litenge kuti liime. Kenako masulani waya wopita kunyali mubwerezenso ndi liwiro lomwelo. Ulendo wachiwiriwu tayala lichedwa kuima. Volteji ikubadwabe, koma poti njira yaduka magetsi sakuyenda, koyilo sinasanduke maginito, ndipo palibe chokaniza. Kusiyana kwa nthawi ziwirizo ndiko kutsutsa kumene Lenz ananena.

Pa makina aakulu zimamveka ndi khutu. Imani pafupi ndi jenereta ya owotcherera zitsulo pamsika. Ikamalira yokha mawu ake amakhala opepuka, koma mmisiri akangogunditsa ndodo yowotcherera pachitsulo, injini imabuula n'kuyamba kumwa mafuta ambiri. Palibe wagwira injiniyo. Magetsi ambiri ayamba kuyenda m'makoyilo, makoyilowo asanduka maginito amphamvu okaniza kuzungulira, ndipo injini ikuyenera kulimbana nawo. Ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pamtsinje wa Shire zimachitika chimodzimodzi. Madzulo anthu akayatsa makuka ndi magetsi m'matauni, makina amalemera, ndipo kuti apitirize kuzungulira pa liwiro lopereka magetsi osinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamafunika kutsegulira madzi ambiri. Madzi a mu Shire akachepa, kapena zinyalala ndi namasupuni zikatseka polowera, chimasowa si maginito kapena waya, koma mphamvu yogonjetsera kukaniza kuja.

Pali chinthu china chokhudza dayinamo chimene masamu athu aja sanafotokoze. Mukatsetsereka pa makilomita 36 pa ola, kuwirikiza kawiri liwiro lija, volteji iyenera kufika pafupifupi mavoloti 13, ndipo babu liyenera kupsa nthawi yomweyo. Kawirikawiri silipsa, limangowalirako. Wateteza babulo ndi Lenz yemweyo. Magetsi a m'koyilo amasinthasintha mbali, choncho fulakisi imene koyilo ikudzipangira yokha nayo ikusintha, ndipo kusintha kumeneku kumabala volteji ina yotsutsa m'waya womwewo. Liwiro likamakula, volteji yokankha imakula, koma kutsutsaku nako kumakula pafupifupi mofanana. Mapeto ake magetsi otuluka m'dayinamo amafika pafupi ndi theka la ampeya n'kusiya kukwera kwenikweni. Opanga madayinamo anawerengera zimenezi dala.

Chitetezo chimenechi chili ndi malire ake, ndipo okonza njinga amawadziwa ngakhale sanamvepo dzina la Lenz. Njinga ya nyali ziwiri imakhala ndi babu lakutsogolo la mawati 2.4 ndi lakumbuyo la mawati 0.6. Pa theka la ampeya lija, lakutsogolo limatenga magawo anayi mwa asanu, lakumbuyo gawo limodzi. Lakutsogolo likapsa kapena waya wake akamasuka, dayinamo imakankhira magetsi ake onse ku kababu kakumbuyo, volteji imakwera, ndipo kababuko sikachedwa kupsa. Mukapeza mababu onse awiri atapsa tsiku limodzi, musathamangire kunena kuti dayinamo ndi yoipa. Yambani mwaona lakutsogolo ndi waya wake.

Kutsutsa kumeneku sikufuna koyilo yokulungidwa bwino. Chitsulo chilichonse chodutsa magetsi, fulakisi ikamasintha m'kati mwake, mumabadwa magetsi ozungulira ngati madzi pa kamvuluvulu wa mumtsinje. Mungazione nokha kukhitchini. Pezani timaginito tating'ono tamphamvu kwambiri, tonyezimira, tonga timene timapezeka m'makompyuta akale, ndi poto wokhuthala wa aluminiyamu, wa mtundu uja amaumba amisiri posungunula zitsulo zakale. Maginito sagwira aluminiyamu, yesani muone. Koma mukapendeka potoyo n'kusiya maginito kuti atsetsereke pansi pake, amatsika mwaulesi ngati akuyenda mu uchi, pamene kamwala kofanana nawo kamangoti psiti. Maginito akamayenda amasintha fulakisi m'chitsulocho, magetsi ozungulira amabadwa, ndipo amakaniza kuyendako. Magetsi amenewa m'makina ndi otaya mphamvu, chifukwa amangotenthetsa chitsulo. N'chifukwa chake mukaphwasula thiransifoma kapena mota, chitsulo cha pakati sichikhala chibuma chimodzi, koma timapepala tachitsulo topyapyala tosanjikizana, totchingidwa kuti magetsiwo asapeze njira yotakata yozungulira.

Nyali ya dayinamo ikakana kuyaka, lamulo lomweli limalondolera pofufuza. Funso loyamba ndi lakuti kodi maginito akuzunguliradi. Nthawi ya mvula tayala likanyowa kapena kupaka matope, kamutu kamangoterereka, ndipo sipuling'i yokanikizira ikafooka zimakhalanso choncho. Chizindikiro chake ndi nyali yophethiraphethira komanso kulira kodukaduka. Funso lachiwiri ndi lakuti kodi magetsi ali ndi njira yobwererera. Madayinamo ambiri akale ali ndi waya mmodzi, njira yobwerera imakhala chitsulo cha njinga yeniyeniyo, kudzera pa kabawuti kosongoka kamene kamaboola penti. Pamenepo pakachita dzimbiri, volteji ilipo koma magetsi sayenda, ndipo tayala lija la njinga yogadama limachedwa kuima ngati kuti babu mulibe. Kupala dzimbirilo kumathetsa vutolo.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi asamale pamene aika kabatani. Popeza fulakisi imapita uku n'kubwerera uko, volteji ya dayinamo nayo imatembenuka maulendo ambirimbiri pa sekondi. Mukaika mita pa `DC`, pamene mumayezera batire, kukankha kwa mbali imodzi kumafafaniza kwa mbali inayo ndipo mita imasonyeza pafupifupi ziro, n'kukunamizani kuti dayinamo yafa. Ikani pa `AC`, waya mmodzi wa mita pakabawuti kotulukira magetsi, winayo pathupi la dayinamo, muzungulitse tayala. Nambala ikamakwera pamene tayala likuthamanga n'kumatsika pamene likufooka, maginito ndi koyilo zili bwino, vuto lili kunja. Ikakhala ziro pa liwiro lililonse kamutu kakuzungulira, waya wa koyilo waduka m'kati. Ikamakwera koma n'kumathera pansi kwambiri ngakhale tayala likuthamanga, mwina maginito afooka ndi ukalamba, kapena vanishi wapsa penapake ndipo mikombero ina yakhudzana. Vuto lachiwirili limadziulula lokha. Mkombero wokhudzana umakhala njira yotsekeka imene magetsi amazunguliramo osapita kunyali, choncho dayinamo imatentha ndipo imalemera kuzungulitsa ngakhale mutamasula mawaya onse akunja.